Woŵerenga masiku ndi wopanda choŵerenga: gawo lachitatu la The Island

Sewero la The Island analipeka anthu atatu, Athol Fugard, John Kani ndi Winston Ntshona, ndipo linaonetsedwa koyamba ku Cape Town mu 1973, pa nthaŵi ya ulamuliro wa tsankho. Lili ndi magawo anayi ndi anthu aŵiri okha, John ndi Winston, akaidi a m'selo imodzi pandende ya pachilumba imene aliyense amadziŵa kuti ndi Robben Island. Ambiri akamalikumbukira amatchula gawo lomaliza, pamene aŵiriŵa amachita sewero la Antigone pamaso pa akaidi anzawo ndi oyang'anira ndende. Ine ndikuona kuti msana wa sewero lonse ndi gawo lachitatu, la usiku, pamene mulibe chochitika chooneka ndi maso koma kulankhula chabe, ndipo pofika kumapeto amene anali pamwamba wagwa pansi.

Kuti kutembenukako kumveke, tiyenera kuona kaye amene ali ndi mphamvu poyamba. Pamaso pa boma onse ndi ofanana. Sewero limayamba akukumba mchenga, wina kudzaza wilibala ndi kukathira m'dzenje la mnzake, ntchito yopanda mapeto imene woyang'anira wawo, amene amamutcha Hodoshe, anaikonza kuti aliyense akhale chilango cha mnzake. Koma chitseko chikatsekedwa, John ndiye mwini selo. Ndi iye amene akudziŵa nkhani ya Antigone, ndipo amamuphunzitsa Winston ngati mwana wa sukulu, kumufunsa mafunso ndi kumukalipira akalakwitsa. Ndi iye amene wagaŵa mbali: yekha akhala mfumu Creon, Winston akhala mkazi. Ndi iyenso amene amatenga kapu nkuisandutsa telefoni, nkumayerekeza kuti akulankhula ndi anzawo a ku New Brighton, Winston ali pambali kupempha kuti amufunsireko za kwawo. Mphamvu ya John ndi pakamwa pake. M'chipinda mopanda kanthu, wodziŵa kusimba nkhani ndiye amagaŵa chisangalalo, ndipo wosimbiridwayo amangodikira.

M'gawo lachiŵiri mphamvuyi imafika pachimake. Winston avala wigi ndi maŵere opanga, John nkumuseka mpaka kugwa, ndipo Winston akana zoti achite seweroli. John adziteteza kuti amamukonzekeretsa chabe, chifukwa akaidi adzasekanso koma pambuyo pake adzamvetsera. Mkangano usanathe, John aitanidwa ku ofesi. Abwerako ndi uthenga wakuti apilo yake yatheka: zaka khumi zadulidwa kukhala zitatu, ndipo zamutsalira miyezi itatu yokha. Winston, amene anawotcha pasi yake pamaso pa apolisi, ali m'ndende moyo wake wonse. Apa kusiyana kwawo kwaŵirikiza. John anali kale ndi pakamwa, tsopano ali ndi tsogolo. Woonerera angaganize kuti Winston watheratu.

Gawo lachitatu limayamba ndi kanthu kakang'ono kwambiri. Ndi usiku, onse agona m'mabulangeti. John, poganiza kuti mnzake ali m'tulo, ayamba kuŵerenga ndi zala masiku amene amutsalira. Winston ali maso, ndipo amuona. Olemba sanafune mkangano waukulu kuti ayambitse kutembenuka. Anangofuna kuti wamphamvuyo agwidwe akuchita chinthu chimene iye mwini akuchita nacho manyazi. Kuyambira pamenepo John ali ndi ngongole. Munthu amene masana onse amalamula kuti tibwereze, tibwereze, tsopano akupempha kuti tigone, tisiye zimenezi.

Chimene Winston amachita ndi kulanda chida cha John. Ayamba ndi kuŵerenga komweko, kumuthandiza kutsitsa masiku ngati bwenzi lokondwera. Kenako ayamba kusimba. Amufotokozera John mmene adzatulukire pachilumba, mmene adzafikire kwawo, mmene mkazi wake ndi mwana wake adzamulandirire, mmene anzake adzamutengere ku shabini ndi kumugulira moŵa wozizira. Ndi maseŵera aja a kapu ya telefoni, koma tsopano wosimba ndi Winston ndipo wodikira ndi John. John ayesa kukana, koma nkhaniyo ndi yokoma, ndipo aloŵamo ndi mtima wonse. Apa pali luso lenileni la gawoli: John sagonjetsedwa ndi mawu oipa, amagonjetsedwa ndi zimene akuzilakalaka. Winston amamudyetsa uchi mpaka utayamba kumuŵaŵa pakhosi. Pamene nkhani ifika pa mkazi amene anzake adzamupezere usikuwo, mawu ayamba kulaula, John achonderera kuti asiye, ndipo Winston amuuza poyera kuti ufulu wakewo ukumununkhira ndipo ukumupengetsa.

Wolemba wamba akanaimira pomwepa, pa kubwezera. Koma kubwezera sikusintha mwini mphamvu; kumangomupweteka. Chimene chimasinthadi zinthu ndi chimene Winston amanena pambuyo pake. Atchula Harry, mkaidi wokalamba wa moyo wonse amene amasema miyala ku kwale mwaluso loposa aliyense, koma anaiŵala kalekale chimene chinamubweretsa pachilumba. Winston akuona kuti iyenso adzakhala choncho. Afunsa chifukwa chimene alili m'ndende, ndipo John amuyankha ndi mawu a ndale, akuti anadzipereka chifukwa cha anthu ena. Winston awataya mawuwo ngati mankhusu. Aulula kuti ali ndi nsanje, kuti nayenso ali ndi zala khumi koma alibe choti aŵerenge, pakuti tsiku lililonse kwa iye ndi loyamba. John, katswiri wa mawu uja, asoŵa chonena. Pali chinthu chimodzi tsopano chimene Winston akuchidziŵa ndipo John sangamuphunzitse.

Pomaliza Winston adekha. Amuuza John kuti amuiŵale, nkutola yekha zovala za Antigone zimene anazikana masana. Zovala ndi zomwezo, nkhani ndi yomweyo, koma mwini wake wasintha. Antigone ndi munthu woŵeruzidwa kuti atsekeredwe m'phanga wamoyo chifukwa choika m'manda mlongo wake Polynices mosemphana ndi lamulo la mfumu, ndipo m'selo muja woyenera kulankhula m'malo mwake ndi Winston. John anasankha seweroli. Winston ndiye akulimvetsa. Nchifukwa chake m'gawo lomaliza, Winston akavula wigi ndi kulankhula monga iye mwini, palibe amene amaseka.

Gawoli ndi losavuta kuliwononga pa siteji, ndipo zolakwika zake zimadziŵika msanga. Ngati woseŵera John amusandutsa munthu wofatsa ndi wachifundo kuyambira pachiyambi, ndiye kuti Winston alibe choti agwetse, ndipo oonerera amangoona munthu wansanje akuzunza mnzake wosalakwa. Kuseka kwa John m'gawo lachiŵiri kuyenera kuluma ndithu, kuti usiku uno kukhale ndi ngongole yobweza. Ngati woseŵera Winston ayamba ndi ukali pa chiganizo choyamba, John sangakopeke, ndipo popanda kukopeka palibe msampha. Chizindikiro chake nchapafupi: oonerera ayenera kumwetulira limodzi ndi John pa nkhani ya moŵa, kenako nkuzindikira mochedwa kuti akumwetulira pamaliro. Akakhala duu kuyambira pachiyambi, gawolo lafa lisanayambe.

Womasulira gawoli m'Chichewa akumana ndi funso limene Chingerezi chinalibisa, pakuti chilibe kusiyanitsa iwe ndi inu. Amuna aŵiri amene afundana fungo zaka pafupifupi zitatu, amene anafika pachilumba atamangidwa unyolo umodzi, amaitanana iwe, ndipo palibe chokayikitsa. Koma pamene Winston akusimba za ulemerero wa kutuluka, dzanja limayabwa kuti limupatse inu wachipongwe, uja timamva munthu akamati mwatukukatu bwana. Ndikuona kuti kutero nkulakwa, ngakhale kumakoma m'khutu. Inu ameneyo amaulula msampha nthaŵi isanakwane, ndipo amaika mtunda pakati pa aŵiriŵa pamene nkhanza ya Winston ikudalira kuyandikana. Wokubaya ndi iwe amaŵaŵa kuposa wokunyodola ndi inu. Oŵerenga Chichewa sangavutikenso kumva za zala zopanda choŵerenga. Amene anatsekeredwa ku Mikuyu popanda mlandu m'nthaŵi ya Kamuzu Banda, monga mlakatuli Jack Mapanje kuyambira 1987 mpaka 1991, analibe tsiku lotulukira loti aziŵerengera.

Gawoli lili ndi zofooka zake. Mkazi wa m'nkhani ya Winston alibe dzina, alibe mawu. Ndi mphotho chabe, ngati botolo lina la moŵa. Wina anganene kuti umu ndi mmene amuna otsekeredwa amalankhulira, ndipo nzoona, koma sewero limene posachedwa lifuna kuti tilemekeze mkazi wolimba mtima silibwerera kudzafunsa za mkazi winayu. Chachiŵiri, kudekha kwa Winston kumabwera mofulumira. Pa pepala, kuchoka pa kutaya mtima kufika pa kuvomereza ndi mizere yochepa, ndipo mlatho wake ndi kukhala chete kumene woseŵera ayenera kukudzaza ndi nkhope ndi mpweya wake. Seweroli linapekedwa pa matupi a Kani ndi Ntshona, amene mu 1975 analandira limodzi mphotho ya Tony chifukwa cha seweroli ndi la Sizwe Banzi Is Dead. Woŵerenga buku lokha, kapena woonera oseŵera osakhwima, akhoza kuona ngati Winston wangosintha maganizo chifukwa gawo lachinayi likumudikira.

Tisakuzenso mopitirira chimene Winston wapambana. Hodoshe saoneka ndi maso m'sewero lonse, koma ndi boma lake limene linagaŵanitsa aŵiriŵa ndi chigamulo chimodzi, monga linawagaŵanitsira ndi mawilibala a mchenga. M'maŵa kukacha John adzakhala ndi tsiku limodzi lochotsera, Winston adzapita ku kwale komwe kuli Harry. Chimene chasamuka m'selo muja ndi ufulu wonena tanthauzo la kukhala kwawo kumeneko. Masana unali wa wophunzira kwambiri, pakati pa usiku wapita kwa amene adzatsale.