“Pirirani” kapena “limbikirani”?

Mawu olimbikitsa ana amene mphunzitsi wamkulu wina wa ku Tsangano analembera msonkhano wa m'mawa ndi okoma kuwamva, ndipo aphunzitsi a ku Macanga akhoza kuwabwereka. Koma asanatero ayambe aona liwu limodzi limene lasenza uthenga wonse.

Mlembiyo amadziwa kuti ana aimirira panja, kukuzizira, ndipo pepala alibe. Ziganizo zake n'zazifupi, zotha ndi mpweya umodzi. Akutchula mlimi wa mbatatesi amene mbewu yake yaola, mayi amene wakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni, kenako mwana amene walephera mayeso, ndipo pakutha pa chithunzi chilichonse ana ayankhe pamodzi kuti “tipirire”. Umu ndi mmene nthano imayendera: wofotokoza akapuma, omvera amavomera kuti “tili tonse”. Kayendedwe kake kakuthandizidwa ndi Chinyanja chenichenicho, chimene chimakoka mphatikizo wachiwiri kuchokera kumapeto munthu akamamaliza chiganizo. Ana 300 akhoza kukokera limodzi “ri” wa “tipirire” popanda wowaimbira m'manja. Mawu omwewa atawamasulira m'Chipwitikizi liwu ndi liwu, kugunda kumeneku kungatayike.

Vuto lili pa liwu lobwerezedwalo. Kupirira ndi mawu a pamaliro, a kuchipatala, ndiponso a anankungwi polangiza mkwatibwi. Wopirira amavomera zowawa n'kukhala chete mpaka zidutse. Wolimbikira, kapena wochita khama, amabwerera pa ntchito imene yamukanika n'kuyesa njira ina. Pa zithunzi zitatu zija, mayi wa nkhuni yekha ndiye akupirira. Mlimi amafunafuna mbewu ina.

Kusiyana kumeneku n'kwakukulu m'sukulu za zinenero ziwiri. M'ndondomeko imene dziko linayamba mu 2003, pambuyo pa kuyesera kwa PEBIMO ku Tete ndi ku Gaza kuyambira 1993 mpaka 1997, mwana ankaphunzira m'chinenero chake makalasi atatu oyamba, ndipo m'kalasi 4 Chipwitikizi chinkayamba kulowa m'malo. Mwana amene masamu ankawamva chaka chatha, lero funso lenilenilo sakulimva. Akauzidwa m'mawa uliwonse kuti apirire, adzakopera za pabolodi mwaukhondo, osakweza dzanja, ndipo mphunzitsi adzadziwa mochedwa, polemba mayeso. Mwambi wa maso a nkhono umene mlembi watsekera nawo ukungowonjezera kudekha komweko.

Kukonza kwake sikufuna kulembanso zonse. “Tilimbikire” ali ndi maphatikizo asanu, wautali pang'ono kwa ana a kalasi 1, koma “tiyesenso” ali ndi anayi monga “tipirire”, ndipo amakokedwa pamalo omwewo. Chithunzi chachitatu chimafunanso ntchito yooneka: mwanayo afunse mnzake m'Chinyanja tanthauzo la funso, ndipo aliwerengenso m'Chipwitikizi. Mphunzitsi amene wauza ana zimenezi pabwalo ayenera kulola funso la m'Chinyanja likabwera m'kalasi ola lomwelo.