Kapu ziwiri za khofi: zomwe nkhani yaifupi imatha kunyamula

Nkhani yomwe ndikufuna kuiunika ndi ya masamba asanu, ndipo sinatuluke m'buku. Anailemba ndi wachinyamata amene akuphunzira kumene lusoli. Zochitika zake n'zochepa kwambiri. Anyamata awiri a chaka choyamba pa yunivesite ku Zomba, wina wa ku Ndirande wina wa ku Misuku, atopa ndi kuwerenga, ndipo madzulo oti mawa lake ayamba mayeso akutsikira m'tauni kukalowa mu kafe koyamba m'moyo wawo. Akuitanitsa khofi, akumwa, akulipira, akubwerera ku hositelo. Palibe womwalira, palibe wogwidwa chigololo, palibe sing'anga. Kwa ife amene tinazolowera nkhani za m'nyuzipepala zodzaza ndi maliro ndi chinyengo, ameneyu waoneka ngati sanalembe kanthu. Koma ine ndikuona kuti wagwira pomwe pali moyo wa nkhani yaifupi, ngakhale kuti wapunthwa malo atatu.

M'chaka cha 1842, Edgar Allan Poe, pounika nthano za Nathaniel Hawthorne, anaika mfundo yomwe alembi akuigwiritsabe ntchito: nkhani yaifupi iwerengeke pa kukhala kumodzi, ndipo chiganizo chilichonse chikokere ku chinthu chimodzi chomwe mlembi akufuna kuti chitsale mumtima mwa wowerenga. Funso loyamba pa nkhani yathuyi ndi limenelo. Kodi chinthu chimodzicho n'chiyani? Si mayeso ayi. Mayeso angokhala ngati khoma lomwe laima kutsogolo kuti usikuwo ukhale waufupi. Nkhani ili pa manyazi a mnyamata wosauka amene walowa malo omwe akuganiza kuti si ake, ndi pa mnzake amene waona manyaziwo koma sakufuna kuwatchula.

Tsamba lachiwiri ndiye pomwe mlembi waonetsa kuti ali ndi diso. Woperekera zakumwa wabweretsa menyu. Anyamatawa anakulira pa tiyi, wa m'tiyirumu wothira m'kapu yaikulu ndi sikono pambali, ndiye mayina a pa pepalalo ndi achilendo kwa onse. Wa ku Ndirande akuwerenga kuchokera kumanzere, mayina. Wa ku Misuku akuwerenga kuchokera kumanja, mitengo, chala chikutsika mpaka chaima pa wotsikitsitsa. Mlembi sananene kuti mnyamatayu ndi wosauka. Wangotionetsa mbali yomwe maso ake ayambira. Ndipo wotsika mtengoyo ndi esipureso, motero chomwe chikubwera ndi kakapu kakang'ono, khofi wosadzaza n'komwe masupuni akuluakulu atatu, wakuda bii, wopanda mkaka. Mnzake wapatsidwa kapuchino, kapu yotakata ya thovu la mkaka pamwamba. Apa mlembi wadziwa chinthu chake: esipureso amakhaladi pafupifupi mamililita 30, ndipo amene sakumudziwa amaganiza kuti aberedwa. Mnyamatayo akuyang'ana kakapuko, akuyang'ana woperekera uja, akudikira kuti mwina abweretsa zotsala. Sakubweretsa. Wowerenga akhoza kumwetulira, koma kumwetulirako kukutha msanga chifukwa tikudziwa kuti ndalama imene yapita pa kakapuka ikanagula nsima ya mawa masana.

Kusankha kuti mnyamatayu achokere ku Misuku ndi nzeru yaikulu kuposa ina iliyonse m'nkhaniyi. M'mapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, ndi amodzi mwa malo omwe alimi ang'onoang'ono amalima khofi wa mtundu wa arabika amene amagulitsidwa m'dzina la Mzuzu Coffee, pamodzi ndi a ku Phoka ndi ku Viphya. Mwana wa kumeneko amadziwa kuthyola zipatso zofiira zokhazokha n'kusiya zobiriwira, amadziwa kuti zothyoledwa lero ziyenera kukafika kosendera lero lomwe, amadziwa fungo la njere zikamavundikidwa ndi kuyanikidwa pa thandala. Chomwe sadziwa ndi kukoma kwake m'kapu ya mu kafe. Mlembi wina akanalemba ndime yonse ya dandaulo la mlimi woberedwa. Uyu wapereka mizere iwiri yokha. Atalawa, wa ku Ndirande akufunsa: "Bwanji aise, ali bwanji?" Winayo akuyankha: "Amayi amati ndi wotsekemera. Amanena wa pamtengo." Ndi zoona, chipatso cha khofi chakupsa chimatsekemera ukachiyamwa. M'mayankhidwe amenewo muli mayi, muli munda, muli mtunda wonse wochokera ku Chitipa kufika ku Zomba, ndipo palibe amene waima kuti atilalikire.

Pa shuga mlembi wachitanso bwino. Mnyamatayo akufuna kuthira masupuni atatu monga amachitira ndi tiyi, koma akuyamba wayang'ana tebulo loyandikana nalo kuti aone ena akuthira angati. Wa ku Ndirande, osanena kanthu, akuthira anayi m'kapu yake ndi kutakasa mwaphokoso, kenako akukankhira mbale ya shuga kwa mnzake. Chikondi cha anyamata awiri a msinkhu umenewu sichituluka pakamwa, ndipo mlembi akudziwa zimenezo. Nthawi yonseyi pakamwa pawo pali za mayeso basi: mphunzitsi uja amakonda funso liti, ndani adzalemba sapu, ndani adzawididwa. Zokambirana zikuyenda njira ina, manja akuyenda njira ina. Anton Chekhov, amene anamwalira mu 1904, ndiye anatchuka ndi kalembedwe kotere, koti anthu azingodya ndi kucheza za nyengo pamene moyo wawo ukusintha pansi pa machezawo. Kwathu kuno sitifunika kukaphunzira zimenezi kutali, popeza ndi mmene timayankhulira pa maliro ndi pa chinkhoswe pomwe. Chovuta n'chakuti tikagwira cholembera timaiwala, n'kuyamba kuwayankhulitsa ampangankhani athu ngati akuwerenga chikalata.

Tsopano zopunthwa. Choyamba n'chaching'ono ndipo n'chosavuta kukonza. Ndime ziwiri zoyambirira zikufotokoza kuti mayeso ndi ofunika, kuti makolo anagulitsa mbuzi, kuti tsogolo lili pa maphunziro. Aliyense amene analembapo mayeso a MANEB akudziwa kale zonsezo. Nkhani ikanayambira pa khomo la kafe, pomwe wa ku Misuku akupukuta nsapato kawiri pa chopondera asanalowe, sitikanataya kanthu.

Chachiwiri n'chachikulu, chifukwa chikukhudza choonadi cha thupi. Mlembi walemba kuti atangomeza koyamba, tulo tonse tinathawa ndipo mutu unatseguka. Khofi sagwira ntchito choncho. Chomwe chimafika nthawi yomweyo ndi kuwawa pa lilime ndi kutentha kukhosi. Kafini amayamba kumveka patapita mphindi 15 kapena kuposerapo, amafika pachimake mkati mwa ola limodzi, ndipo mwa munthu wamkulu theka lake limakhala likadali m'magazi patatha maola pafupifupi asanu. Munthu wosazolowera amamumva kwambiri: mtima kugunda, manja kunjenjemera pang'ono, kupita kukataya madzi pafupipafupi. Wina anganene kuti iyi ndi nkhani yopeka, si phunziro la zaumoyo. Koma taonani chomwe mlembi wataya posalondola apa. Akanatsata nthawi yeniyeni, mphamvu ya khofi ikanawapeza ali panjira yokwera kubwerera ku koleji, ndipo m'pamene malilime akanamasuka, wa ku Misuku n'kuyamba kulankhula zambiri kuposa mmene walankhulira chaka chonse. Ndipo amene wamwa khofi 7 koloko madzulo, pofika 12 koloko usiku theka likadali m'thupi. Chithunzi chomwe nkhaniyi inkafuna chinali chimenecho: anyamata awiri m'chipinda chamdima, aliyense akunamizira kugona, aliyense akumva mnzake akutembenuka, mayeso ali 8 koloko mmawa. Anapita kukagula mphamvu yowerengera, agula kusowa tulo. Mlembi akanadziwa bwino chakumwa chomwe waika pakati pa nkhani yake, chakumwacho chikanamupatsa chokha tsamba lachinayi.

Pampondachimera pa nkhaniyi ndi pa bilu, ndipo apa ndimuyamikire kachiwiri ndisanafike pa cholakwa chachitatu. Pepala labwera limodzi, la onse awiri. Wa ku Ndirande akulitenga msanga n'kunena kuti, "Iwe udzalipira tikakhoza." Wa ku Misuku akukana. Akutulutsa ndalama zopindapinda m'thumba la malaya, akuziwongola pa tebulo imodziimodzi, akuwerenga mtengo wa kakapu kake ndendende. Mnzakeyo akuzilandira. Mlembi wosakhwima akanamulola wa ku Ndirande kupambana pa kuwolowa manja, ife n'kumuombera m'manja. Uyu wazindikira kuti mphatso yeniyeni pamenepa ndi kumulola mnzako kudzilipirira, ngakhale ukudziwa kuti mawa sadya masana. Yemwe anakankha shuga uja ndi yemweyo akubweza dzanja pa bilu, ndipo zonse ziwiri zikuchokera mumtima umodzi. Nkhani yasuntha apa, ndipo yasunthira mkati mwa munthu.

Ikanathera pomwepo kapena m'chipinda chamdima chija. Koma pali tsamba lachisanu. Tadumpha miyezi iwiri, zotsatira zatuluka, onse akhoza, abwerera ku kafe konkuja, ndipo mfotokozankhani akutiuza kuti moyo uli ngati khofi, umawawa poyamba koma umakoma pambuyo pake. Ndikumvetsa komwe chizolowezichi chimachokera. Tinakula ndi nthano za "padangotero", zomwe zimatha ndi phunziro, ndipo m'kalasi la Chichewa tinaphunzitsidwa kufunafuna phunziro m'nkhani iliyonse. M'nthano zimenezo n'zoyenera, chifukwa kalulu ndi fisi alipo kuti anyamule phunzirolo. Koma anyamata awiriwa mlembi wawapanga kukhala anthu, ndipo tsamba lomalizali likuwabweza kukhala zitsanzo. Likuyankhanso funso lomwe nkhani sinafunse. Sitinkada nkhawa kuti akhoza kapena ayi. Tinkada nkhawa kuti ubwenzi wawo upirira kusiyana kwa matumba awo, ndipo yankho lake tinalipeza kale pa tebulo. Kuwonjezera apo, kuwakhozetsa onse kukuchotsa mantha omwe amapatsa usikuwo kulemera kwake. Wowerenga akasiyidwa osadziwa, kapu ija ikhoza kukhala yoyamba mwa zambiri, ikhozanso kukhala yokhayo yomwe awiriwa adzamwere limodzi wina asanakwere basi yobwerera ku Chitipa.

Pali njira yosavuta yodziwira ngati tsamba lili lofunika: libiseni ndi dzanja, muwerengere munthu nkhaniyo mokweza, muone ngati afunse kuti "ndiye zinatha bwanji?" mokhumudwa kapena akhale chete akuganiza. Nkhani iyi ndikutsimikiza kuti ipirira mayeso amenewo popanda ndime ziwiri zoyamba ndi tsamba lachisanu. Chomwe ndingamupemphe mlembiyu n'chakuti achotse zimenezo, apite akamwe yekha esipureso mmodzi madzulo ali ndi wotchi pamkono, alembe zomwe thupi lake lichite ola ndi ola, kenako abwerere ku tsamba lachinayi.