MLENDO WA KU KANYAMA: ZA NKHANI YA MUNTHU WOFIKA M'MZINDA

Pali nkhani imodzi imene alembi athu acinyamata amakonda kulemba. Munthu anyamuka kwao ku Cipata kapena ku Katete, nakwera basi m'mamawa, naoloka Luangwa, nafika m'Lusaka dzuwa litapendeka, atayenda mtunda wa makilomita pafupifupi 500 kapena kuposa. M'thumba muli tindarama towerengeka, ndipo m'mutu muli dzina limodzi lokha, lakuti malume ace akhala ku Kanyama. Nkhaniyi njabwino, pakuti anthu ambiri a m'Lusaka anafika motero, kapena makolo ao. Koma kawiri-kawiri imalembedwa mofooka, ndipo tifuna kuona cifukwa cace poilinganiza ndi nchito ya mlembi wina amene anailemba bwino.

Mlembiyo ndiye Alan Paton, amene buku lace, Cry, the Beloved Country, linaturuka mu 1948. Bukulo ndi lalitali, koma mutu wace wacinai ungathe kuima pa wokha ngati nkhani yaifupi. Mbusa Stephen Kumalo wa ku Ndotsheni afika ku Joni pa sitima, alikufuna mlongo wace Gertrude ndi mwana wace Absalom. Cimene adziwa ndi dzina la Sophiatown ndi la mbusa mnzace Msimangu amene anamlembera kalata. Ataturuka pa siteshoni aopa kuoloka mseu. Mnyamata wina waulemu amfunsa kumene alikupita, namtsogolera ku mabasi, namuimika pa mzere. Ndipo amuuza kuti aime pomwepo kuti angataye malo ace, iye akamgulire tikiti ku ofesi. Kumalo apereka paundi imodzi, mnyamatayo akhota pa ngodya, osaonekanso. Pambuyo pace mkulu wina amuuza kuti ofesi ya matikiti kulibe, anthu amalipira m'basi momwemo.

Cinthu coyamba coyenera kuona ndi ici, kuti paundi imeneyi wowerenga aidziwa kale. M'mutu waciwiri Paton anationetsa Kumalo ndi mkazi wace alikuwerenga ndarama zimene anasungira sukulu ya mwana wao, mapaundi 12, masileni 5 ndi makobiri 7. Cotero paundi ikabedwa mtima wa wowerenga uwawa, pakuti adziwa kumene inacokera ndi cimene anaisungira. Alembi athu amati mlendo anamubera ndarama zace zonse, osatiuza kuti zinali zingati, kapena kuti anagulitsa mbuzi kapena mtedza kuti azipeze. Wowerenga sangamve cisoni pa ndarama zimene sanauzidwe kucuruka kwace ndi kumene zinacokera.

Caciwiri, cinyengo ca mnyamatayo ncacing'ono ndi comveka. Sanasolole mpeni. Anangogwira pa cimene Kumalo anacidziwa, pakuti munthu amene wayenda pa sitima adziwa kuti tikiti igulidwa pa zenera usanakwere. Kumalo sanali citsiru konse, koma anatenga mwambo wa malo ena naupititsa kumene sugwira nchito. Apa alembi ambiri amaphonya. Amasandutsa mlendo wao coseketsa, wolonjera magalasi a m'sitolo ndi wothawa magetsi, kotero kuti wowerenga amseka m'malo momumvera cifundo. Mlendo woona alakwa cifukwa ca ulemu umene anaphunzira kwao, monga kuyankha ali yense womulonjera ndi kukhulupirira womuchula kuti atate.

Koma pa cinthu cimodzi Paton sitiyenera kumtsata. Mkulu uja amene anauza Kumalo za cinyengo, dzina lace Mafolo, apezeka kuti ndi wa calici cimodzimodzi, ndipo amdziwa Msimangu, namperekeza kufikira pa khomo la nyumba ya mishoni. Mwai uwu wadza msanga. M'buku lalitali tiulekerera, cifukwa kufunafuna kweni-kweni kuli patsogolo, pamene Kumalo atsata mapazi a Absalom ku Alexandra, ku Orlando ndi ku Pimville. M'nkhani yaifupi ya masamba asanu, mwai wotere upha nkhani yonse. Tionenso kuti Kumalo anali ndi kalata, dzina la nyumba yodziwika, ndi cobvala ca ubusa cimene cinampatsa ulemu pa maso pa anthu. Mlendo wathu alibe conse ca izi, ndipo kusowa kumeneku ndiko kumene mlembi ayenera kumangapo nkhani yace.

Munthu wa kumudzi akamva dzina lakuti Kanyama aganiza za mudzi umene mfumu yace idziwa anthu onse. Koma Kanyama ndi komboni yaikuru kumadzulo kwa mzinda, kupitirira msika wa Soweto, potsata mseu wa Los Angeles. Pali Kanyama Wakale ndi Kanyama Watsopano, ndipo John Laing ndi Cibolya ali pafupi, malire ace osaoneka kwa mlendo. Mu 2010 anthu a m'dera lonse la Kanyama anapitirira 300,000. Mbali yaikuru inamangidwa popanda cilolezo ca boma, kotero tinjira tambiri tiribe maina. Dzikolo ndi lathyathyathya, pansi pace pali mwala wa laimu, ndipo madzi a mvula sacoka msanga. Cigumula ca 1978 cinagwetsa nyumba zambiri, ndipo kolera wa 2017 ndi 2018 anabvuta kwambiri kumeneko. Mlembi amene afikitsa mlendo wace mu Januwale, osamuonetsa alikubvula nsapato kuti aoloke thamanda, aonetsa kuti iye mwini sanapondeko.

Tsono m'malo otere mbale amfuna motani? Apa mlembi ali ndi zambiri zolemba. Mlendo achula dzina la malume ace, Phiri, ndipo amai ogulitsa tomato aseka, cifukwa a Phiri ali m'njira iri yonse. Amfunsa kuti, kwanu nkuti, kwa mfumu yani? Amfunsanso nchito imene malumewo agwira ndi calici cimene apemphera. Ndipo mwina dzina limene iye adziwa silidziwika konse, pakuti anansi amaitana munthu ndi dzina la mwana wace woyamba, mwana amene mlendoyo sanamuonepo. Cotero apita kwa munthu wa kwao wogulitsa makala, uyo namtumiza kwa mkulu wa calici, uyo nati banja lotero linasamuka caka catha cifukwa ca lendi. Munthu ali yense amene afunsidwa amuuza kanthu kena, koma kufunsako kumdyera nthawi, ndipo mdima ulikuyandikira. Ngakhale lamya ya m'manja ya masiku ano sinathetse nkhaniyi. Nambala ikapanda kupita, mlendo abwerera pomwe anali agogo ace, ndi funso lina loonjezera, lakuti kodi lamyayo yathimitsidwa dala?

Funso limeneli litifikitsa pa mathero. Samuel Ntara, m'buku lace Nthondo la 1933, anabweza munthu wace kumudzi atayendayenda ku nchito, nakamtembenuza mtima komweko. Alembi ambiri atengera njirayi, namaliza ndi mlendo wobwerera kwao atalapa kuti tauni njoipa. Koma anthu a ku Kanyama ndiwo amene sanabwerere, ndipo nkhani yowauza kuti analakwa kukhala siwauza zoona. Mathero amphamvu ali pa khomo la malume. Munthu amene kumudzi amamtama kuti ali pa nchito yabwino apezeka m'cipinda cimodzi ca lendi, ndi mkazi ndi ana anai, cimbudzi cace ca mabanja ambiri. Mwambo sumulola kukana mwana wa mlongo wace. Ufa uli m'thumba ndi wa usiku umodzi. Mlembi atisonyeze nkhope ya malumewo pamene alikulandira cikwama, ndi maso a mkazi wao pamene alikuonjezera madzi m'ndiwo. Akafika pamenepo alekeze, asaonjezere mwambi kapena cilangizo, pakuti wowerenga wa m'komboni adziwa yekha cimene cidzacitika mawa.