Ndemanga: Buku la Steve Krug ndi zithunzi ziwiri za tsamba limodzi

Buku la Steve Krug lotchedwa Don't Make Me Think linatuluka koyamba mu 2000, koma kope lake lachitatu, la 2014, langondifika kumene kuno ku Santhe. Landipezanso ndili ndi mlandu m'manja. Mphwanga anakonza tsamba la pa intaneti la kalabu yathu ya alimi a fodya, nanditumizira pa foni zithunzi ziwiri za tsambalo kuti ndisankhe chosavuta kugwiritsa ntchito.

Bukuli ndi lalifupi, lanthabwala, ndipo mfundo yake ndi yomveka: anthu sawerenga tsamba lonse, amangomwazamwaza maso n'kudina chinthu choyamba chooneka ngati chiwathandiza. Wolembayo amalangiza kusindikiza tsamba papepala, kuligwira patali ndi mkono wotambasula, maso otsinzina pang'ono, n'kuona ngati ungadziwe msanga mwini wake, dzina la tsambalo, zigawo zake ndi pofufuzira. Chimene ndayamikira kwambiri ndi langizo loti munthu umupatse ntchito yoti achite, iwe n'kukhala chete kumuonerera. Akuti anthu atatu akwanira kukuonetsa mavuto akuluakulu.

Ndinatero. Chithunzi choyamba chinali ndi munda wa fodya wobiriwira bii, uthenga wa wapampando, ndi mabatani 8 ofanana kukula. Chachiwiri chinali chouma: dzina la kalabu ndi mabatani atatu aakulu. Alimi atatu ndinawafunsa payekhapayekha, ndikusinthanitsa chithunzi choyambira, kuti aloze pamene angadine pofuna tsiku limene lole idzanyamule mabelo kupita ku Chinkhoma. Onse anati choyamba n'chokongola. Koma chala chinkangoyendayenda, ndipo bambo wina analoza pa "Nkhani" pamene tsikulo linabisala pansi pa "Ntchito zathu". Pa chachiwiri onse anagwa pa "Ulendo wa mabelo" mosazengereza. Ndikanangofunsa chowasangalatsa, ndikanasankha cholakwika.

Pali pofooka, ndipo ndinene mwaulemu. Bukuli ndi la Chingerezi, zitsanzo zake zambiri n'za ku America, ndipo ngakhale lili ndi mutu wonena za mafoni, limaganizira munthu amene sadandaula za bando. Mlimi wogula bando ya tsiku limodzi, woyang'ana foni yong'aluka galasi padzuwa la pachigafa, mulibemo. Mayi wina analephera kuona manambala otuwa pa chithunzi chachiwiri chomwecho mpaka atalowa pamthunzi, ndipo izi ndinazitulukira ndekha.

Owerenga asayembekezerenso kuti atatuwo ndi umboni wotsiriza. Mwini bukuyo amavomereza kuti njirayi ndi yofukulira mavuto chabe. Chithunzi nachonso sichidinika, kotero sichingaulule kuti tsambalo limachedwa bwanji kutseguka netiweki ikamadukaduka. Mphwanga ndamuuza atenge chachiwiri, adetse manambalawo, ndipo tidzayesenso tsamba lenilenilo pa foni msika usanatsegulidwe.