Tsamba limodzi lochokera ku Zomba

Wodwala maganizo akatuluka ku chipatala cha Zomba Mental n'kubwerera kwawo kumapiri a Dowa kapena Ntchisi, womulandira nthawi zambiri si katswiri. Amakhala dokotala wamng'ono kapena namwino, monga wa pa chipatala cha Mponela, kumene panja pali mzere wa odwala malungo ndi amayi a sikelo. Mphindi zowerengera kalata ndi zochepa. N'chifukwa chake ndimasilira kalata ina ya tsamba limodzi, yomatidwa m'buku la kuchipatala la mnyamata amene anagonekedwa koyamba chifukwa chomva mawu a anthu osaoneka.

Wolembayo sanayambe ndi mbiri ya matenda. Pamwamba penipeni anaika jakisoni: modeketi, mamiligalamu 25, wobaya pathako, womaliza pa 6 Malichi, wotsatira pa 3 Epulo. Ambiri amangolemba kuti apitirize mankhwala, koma jakisoni ameneyu amakhala m'thupi milungu ingapo, ndipo wodwala sakumbukira tsiku limene anabayidwa. Popanda tsikulo, namwino akhoza kubaya msanga, mnyamata n'kuuma thupi, kapena kuchedwa mpaka mawu aja n'kuyambiranso. Masiku awiriwo akuchotsa zongoganizira.

Pansi pake analemba zochita zinthu zikavuta, ndipo apa ndi pamene luso lake likuonekera. Anasiyanitsa kuuma kuwiri kumene munthu wotopa angakusokoneze. Mnyamata akamanjenjemera manja, kutuluka dovu, kuyenda mokoka miyendo koma thupi losatentha ndiponso akuyankha bwino, ndi mankhwala akumupweteka: apatsidwe ateni, mamiligalamu 5 pa tsiku, aonedwenso pakatha sabata. Koma akauma thupi lonse, n'kutentha, kutuluka thukuta ndi kusokonezeka mutu, asabayidwenso ayi. Ayezedwe malungo, inde, koma atumizidwe ku chipatala chachikulu cha m'boma tsiku lomwelo, chifukwa vuto limenelo limapha. Kwathu kuno kutentha thupi timathamangira kunena kuti ndi malungo, ndiye mzere umenewu ndi wofunika kwambiri.

Anaganiziranso za shelefu yopanda kanthu. Modeketi akasowa, anatchula mapiritsi a haloperido ndi mlingo wake, kuti mnyamata asabwezedwe chimanjamanja. Anawonjezera kuti mankhwala asasiyidwe chaka chisanathe, ngakhale achibale atanena kuti wachira ndipo akulima fodya ngati kale.

Zizindikiro zoti matenda akubwerera sanazikopere m'buku. Anafunsa mayi a mnyamatayo, n'kulemba zimene iwo anaona poyamba: kusagona usiku, kukana nsima poganiza kuti athiramo mankhwala. Analembanso kuti mnyamatayu sanayesepo kudzipha, koma azifunsidwa mosabisa ulendo uliwonse. Zinsinsi za m'banja zimene zinakambidwa ku wodi sanazilembe, podziwa kuti buku la kuchipatala limadutsa m'manja ambiri pamudzi. Anangotchula kuti woyang'anira mankhwala kunyumba ndi amalume ake, kuti mlangizi wa zaumoyo adziwe khomo logogoda tsiku la jakisoni likadutsa mnyamata osabwera.