Luso la Komiti ya Maliro ku Chama

M'boma la Chama, kumene Asenga amalima mpunga m'chigwa cha Luangwa, maliro amayenda bwino chifukwa cha komiti ya maliro, ndiye kuti kagulu kamene anamfedwa ndi nyakwawa amasankha kuti kagawe ntchito. Mlembi amalemba m'kope chipepeso chilichonse, kaya ndi ndalama, ufa kapena mpunga, ndipo amachilengeza poyera kuti pasakhale kunong'onezana. Adzukulu, amene amakumba manda, amapatsidwa chakudya choyamba, chifukwa akanyanyala mwambo wonse umaima. M'nyengo ya dzinja, pamene mitsinje imadzaza n'kutseka misewu, komiti yanzeru imagwirizana msanga za tsiku loika maliro, poti kudikira achibale a ku Lundazi kapena ku Lusaka kumatha ufa m'nyumba ya ofedwa. Luso limeneli liyenera ulemu.