Kukopera Si Kukonza: Za Maminitsi a Makomiti a M'midzi ku Mzimba

Kuyambira mu 1998, pamene dziko la Malawi lidakhazikitsa ndondomeko yopereka mphamvu kwa anthu pamodzi ndi lamulo la maboma aang'ono, ntchito zambiri zachitukuko zimayambira mu komiti ya m'mudzi, imene ambiri amaitcha VDC. Zimene komitiyo yagwirizana zimapita ku komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, ADC, kenaka ku khonsolo. Ku Mzimba khonsoloyo ndi ya M'mbelwa. Mlembi wa komiti amalemba zokambiranazo ndi cholembera m'kope, ndipo masiku ano munthu wa ku Luwerezi, ku Emfeni kapena ku Khosolo sachita kunyamula kopelo ulendo wonse wopita pa boma. Amajambula masamba ndi lamya ya m'manja nkutumiza zithunzi, ndipo wina amazitayipa pa kompyuta kuti zisungidwe. Nkhani ino ikuunika chizolowezi chimodzi cha otayipawo: chizolowezi chokonza chilankhulo cha mlembi pamene akukopera.

Chizolowezichi chimachokera pa mtima wabwino. Munthu amene adaphunzira malamulo a kalembedwe ka Chichewa, amene Bungwe la Chichewa lidatulutsa mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990, amamva kuwawa akaona liwu lolembedwa mokhota. Dzanja limathamangira kuwongola. Koma malamulowo adaikidwa kuti atsogolere munthu amene akulemba zakezake. Maminitsi ndi umboni wa zimene anthu ena adapangana, ndipo wokopera ali ngati wonyamula katundu wa eni: sayenera kumasula mtolo panjira.

Ku Mzimba vutoli limakula chifukwa tsamba limodzi limakhala ndi zilankhulo zingapo. Msonkhano umachitika m'Chitumbuka. Mitu ya nkhani kawirikawiri imakhala m'Chingerezi. Maina a anthu ndi a malo ambiri ndi Achingoni. Komanso mlembi amene adapita kusukulu pambuyo pa 1968, chaka chimene Chichewa chidasankhidwa kukhala chilankhulo cha dziko ndipo Chitumbuka chidachotsedwa m'sukulu ndi pa wailesi, adaphunzitsidwa kulemba Chichewa osati chilankhulo cha kwawo. Motero amalemba Chitumbuka ndi zizolowezi za Chichewa, ndipo kumwera kwa bomali, cha ku Jenda kumene Mzimba akumana ndi Kasungu, zilankhulo ziwirizi zimalowana m'chiganizo chimodzi. Wotayipa wodziwa Chichewa chokha amaona mawu ofanana ndi ake nkuganiza kuti wamva.

Chitsanzo chongoyerekeza chionetsa pamene pagona ngozi. Tsamba likhoza kukhala ndi mfundo yonena za kusonkha ndalama zoumbira njerwa za sukulu, ndipo pansi pa mfundoyo pali mzere wakuti "wanthu wakazomera cha". Wotayipa wothamanga amaona "cha" ali yekha kumapeto, namuyesa "cha" wa Chichewa, wonga wa mu "chaka cha mawa", amene mlembi adamusiya m'malere. Amamutaya, nalemba kuti anthu adavomera. Koma m'Chitumbuka kukana kumabwera pambuyo pa mneni: "cha", "chara" kapena "yayi". Mzerewo ukunena kuti anthu sadavomere. Kusiyana kwa zilankhulo ziwirizi pamfundo imeneyi nkofunika kukumvetsa bwino. M'Chichewa kukana kumamatirira ku mneni, monga mu "sadavomere", kotero sikungatayike popanda liwu lonse kuonongeka. M'Chitumbuka kukana ndi kaliwu kapadera kokhala kumapeto kwa chiganizo, ndipo kumapeto kwa mzere ndiko kumene chithunzi chimadukira, kumene chala cha wojambula chimaphimba, ndiponso kumene tsamba limapindikira polowa m'msoko wa kope. Chiganizo chodulidwa motero chimawerengekabe bwino lomwe, ndipo palibe chimene chimachenjeza wowerenga kuti tanthauzo latembenuka. Nchifukwa chake tsamba limene malire ake onse anayi sakuoneka pa chithunzi siliyenera kutayipidwa konse. Lijambulidwenso.

Mneni womwewo uli ndi msampha wina. M'Chitumbuka "-ka-" wa mu "wakazomera" amasonyeza nthawi yakale, pamene Mchewa akamva "akavomera" amaganiza za chinthu chimene sichidachitike, chodikira kuti mwina chichitike. Wotayipa amene amasandutsa mawu kuti amveke Chichewa akhoza kusintha chigamulo chomangidwa kale kukhala chongoyembekezera. Liwu lakuti "kaya" nalonso limasokoneza: kwa Mtumbuka ndi mudzi wa kwawo, kwa Mchewa ndi liwu lokayikira.

Pali nkhani ya chilembo cha ŵ, chimene olemba Chichewa ambiri masiku ano adachisiya. M'Chitumbuka kachizindikiro konga tsindwi kameneka kamanyamula tanthauzo: "wakazomera" ndi munthu mmodzi, "ŵakazomera" ndi anthu ambiri. Pa maminitsi kusiyanaku ndi kwa pakati pa wapampando kuvomera yekha ndi mudzi wonse kuvomera. Pamene mlembi adalemba katsindwiko, wotayipa akasunge. Pamene sadakalembe, wotayipa asakaikepo mongoganizira, pakuti alembi ena salemba ŵ paliponse, ena amalemba b m'malo mwake, monga "banthu". Chimene chingathandize ndi kuwerenga masamba ena a mlembi yemweyo kuti chizolowezi chake chidziwike. Ndipo ngakhale ŵ atalembedwa, nkhani siitheratu, popeza "ŵa-" ndi waulemunso: inkosi imodzi ikhoza kunenedwa ndi "ŵakazomera". Zoterezi zimamasulidwa ndi dzina limene lili patsogolo pa mneni, osati ndi nzeru za wotayipa.

Kutayipa ŵ sikovuta. Mu Word munthu amalemba `0175` ndi kudina `Alt+X`. Wamkulu, Ŵ, ndi `0174`. Fayilo ya malemba okhaokha, ya `.txt`, isungidwe mu `UTF-8`. Ikasungidwa mu `ANSI` katsindwi kamatayika kapena chilembo chonse chimasanduka mfunsiro, ndipo amene watsekula fayilo nkuona `Åµ` pamene payenera kukhala ŵ adziwe kuti mawuwo sadaonongeke, koma kuti kompyuta yawawerenga ndi ndondomeko yolakwika.

Maina ndiwo amavulala koposa. Malamulo a Chichewa sadziwa "hl" wa mu Mhlanga ndi Nhlane, kapena "zg" wa mu Zgambo, ndipo wotayipa wosazolowera akhoza kulemba Mlanga kapena Zambo nkumayesa kuti wathandiza. Kuyambira mu 2017, pamene boma lidalembetsa anthu m'dziko lonse kuti alandire ziphaso za unzika, maina a m'ndandanda wa olandira thandizo amayerekezedwa ndi a pa chiphaso, ndipo chilembo chimodzi chotayika chikhoza kuimitsa munthu pakhomo pa ofesi. Maina ena ali ndi malembedwe awiri odziwika, monga Mabulabo ndi Mabilabo. Kusankha pakati pa awiriwa si ntchito ya wokopera. Alembe chimene chili pa tsamba. Chimodzimodzi E wa kumayambiriro kwa Embangweni ndi Edingeni: kwa Angoni iyeyu ali kale ndi tanthauzo la malo, koma ndi gawo la dzina, ndipo salekanitsidwa kapena kuchotsedwa ngakhale mlembi atalemba "ku" patsogolo pake.

Tsono wotayipa achite chiyani pamene sakuona bwino? Njira imene osunga zolembedwa zakale amagwiritsa ntchito ndi yosavuta: chilichonse chimene chachokera kwa wokopera chimalowa m'zikutiro zamakona, kuti wowerenga asiyanitse liwu la mlembi ndi la wokopera. Chitsanzo chija chikhoza kuoneka motere:

```
[tsamba 14, chithunzi 2]
3. Njerwa za sukulu
wanthu wakazomera cha[ra? - tsamba lapindika]
4. Ndalama za mjigo
nyumba 42 [adafufuta: 40] K500 yiliyose
zose pamoza K2[1 kapena 7],000
[siginecha ziwiri ndi chidindo cha chala chimodzi]
```

Mzere wa ndalama uli ndi phunziro lake. Alembi ambiri amalemba 1 wokhala ndi kamchira kumutu, wofanana ndi 7. Wotayipa angathe kudziyesa yekha: nyumba 42 kuchulukitsa ndi K500 ndi K21,000, choncho chilembo chokayikitsacho chiyenera kukhala 1. Koma masamuwa ndi othandiza kuwerenga chilembo chosaoneka bwino basi. Ngati mlembi adalemba 7 woonekeratu, wokhala ndi kamzere kopingasa, wotayipa alembe K27,000 ndi kuika m'zikutiro kuti kuwerengera kukupereka K21,000. Kusiyana kwa K6,000 kumeneko mwina ndi kuphonya kwa mlembi, mwina ndi ndalama yotsala ya mwezi wapita, mwinanso ndi ndalama imene msungichuma ayenera kuifotokoza pamaso pa anthu. Wotayipa akawongola mwakachetechete wakwirira funso limene mudzi udayenera kufunsa. Nambala yofufutidwa ija, 40, isungidwenso pachifukwa chomwecho, pakuti pakabuka mkangano anthu amafuna kudziwa kuti idasinthidwa liti ndipo adasintha ndani.

Ena amatsutsa kuti kukopera kotere kumasunga zolakwa, ndi kuti khonsolo imafuna chikalata chowerengeka msanga osati tsamba lodzaza zikutiro. Mfundoyi ili ndi choona chake. Mkulu wa mapulani a chitukuko amene sadziwa Chitumbuka sangapindule ndi mzere wakuti "wanthu wakazomera cha". Yankho lake ndi kukhala ndi makope awiri osasakanizidwa: lina lokopera mokhulupirika, lina lomasulira kapena lokonzedwa motsata malamulo a kalembedwe, lolembedwa pamwamba kuti ndi lomasulira ndiponso kuti womasulira ndani. M'kope lachiwirilo wokonda malamulo agwiritse ntchito luso lake lonse. Cholakwa cha makope ambiri ndi chakuti ali pakatikati: si okopera, si omasulira, ndipo palibe angadziwe mawu amene ali a komiti ndi amene ali a wotayipa.

Izi sizikutanthauza kuti chilichonse cha pa tsamba nchopatulika. Liwu limene mlembi adalidula chifukwa mzere udatha lilumikizidwe, ndipo mizere isadulidwe motsanzira kukula kwa kope. Koma kalekanitsidwe ka mawu, monga "kumsonkhano" ndi "ku msonkhano", kapena kusinthana kwa l ndi r, nkosafunika kukhudza. Akatswiri a Centre for Language Studies ku Zomba, nthambi imene idalowa m'malo mwa Bungwe la Chichewa mu 1996, angapeze m'masamba otere umboni wa m'mene anthu wamba amalembera Chitumbuka, umboni umene kope lokonzedwa limaufafaniza.

Mawu ochepa kwa ojambula. Tsamba lijambulidwe masana pamthunzi, kope litagonekedwa pansi, lamya itayang'ana molunjika, tsamba limodzi pa chithunzi chimodzi, ndipo masamba ayambe alembedwa manambala. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwa njira yozolowereka chimachepetsedwa, ndipo timizere tating'ono tonga katsindwi ka ŵ ndi kamzere ka 7 ndito timayamba kuzimirira. Chikatumizidwa ngati `Document` chimafika monga chidajambulidwira. Kope lotayipidwa libwerere kwa mlembi kuti aliwerenge moyerekeza ndi buku lake msonkhano wotsatira usadafike, popeza iye ndi wapampando ndiwo angathe kuchotsa mfunsiro uliwonse umene wotayipa adausiya m'zikutiro.